Kamchila ndi Kadontho pa Malisiti a ku Petauke

Munthu uja ndinamuda tsiku lomwe anafika, ndipo mpaka lelo sindinaone chifukwa chosinthila mtima. Anatsika basi ya ku Lusaka atavala tayi yofiila, dzuwa la mwezi wa Okutobala likuswa mtengo, nalowa mu ofesi yathu pa boma la Petauke ngati mwini malo. Ine ndinali nditatuluka pang'ono kukamwa madzi. Pobwela ndinapeza wakhala pa mpando wanga wa pawindo, chikwama changa wachiika pansi.

"Ndinu ataipisiti?" anandifunsa, osaimilila n'komwe. "Ndine kalaliki wa ndalama watsopano. Pano pakuwala bwino, ndikhala pano."

Ine sindinali taipisiti. Ndinayamba ndi taipilaita, inde, koma nthawi imeneyo n'kuti mabuku a ndalama a ofesiyo ali m'manja mwanga kuyambila pamene inatsegulidwa. Inali ofesi ya bungwe lina la kunja, lothandiza anthu amene ankathawa nkhondo ku Mozambiki n'kudzakhala m'midzi ya kumalile. Tinkagula chimanga, nyemba, makasu, misomali, tinkalipila ngolo ndi malole, ndipo chilichonse chinkabwela ndi kapepala kake. Ntchitoyo inandipatsa nyumba ya zipinda ziwili kuseli kwa ofesi, ya malata, yokhala ndi mpopi pakhomo. Amuna anga anali atamwalila, ana anga awili ali pa sukulu ya pa boma. Nyumba imeneyo ndiyo inali moyo wanga wonse.

Mwamuna wa tayiyo anali wa kumpoto, Mbemba, ndipo apa m'pamene panali tsoka langa. Ife a kum'mawa ndi Abemba tili pa chimbuya: timatukwanana, timasekana, iwo amati timadya mbewa, ife timati amadya anyani, ndipo palibe woyenela kukwiya. Ndili nawo abwenzi Achibemba amene tinatukwanana mpaka kukalamba, mokondana. Koma uyu ankabisa mpeni m'chimbuyamo. Ankanena pamaso pa anthu kuti, "Mbuya, mutu wanu wadzaza ubweya wa mbewa, n'chifukwa masamu salowa," anthu n'kuseka, inenso n'kuseka mano okha, n'kumubwezela kuti tayi yake anaitola pa malilo a kolwe, nyani m'Chibemba chawo. Onse ankaganiza kuti tikuseweletsana. Ife awili tinkadziwa kuti si masewela.

Bwana wathu anali mzungu wamkazi, wamtali, wa mtima wabwino koma wosaona zapafupi. Tinkangoti amadamu. Iwo ankatiyang'ana tikulumana n'kumati, "Ndikukondwa kuti mumagwilizana." Kalanga ine!

Kompyuta inabwela pa lole limodzi ndi matumba a nyemba. Anaiika pa tebulo la pakati, pansi pa chithunzi cha mtsogoleli wa dziko, naifunditsa nsalu ngati mkwatibwi. Wa tayi anali ataiphunzila ku koleji ndipo anali ndi pepala lake. Ine ndinaiphunzila pomuzemba ndi maso, chifukwa kuti andiphunzitse, ayi, akanalola kufa. Chimene ndinazindikila msanga n'chakuti makina aja anali ouma mutu kuposa iye. Ankafuna nambala yamaliseche: manambala okhaokha, ndi kadontho kamodzi pakati pa makwacha ndi mangwee. Ukayamba ndi K, ankaiyesa mawu, ndipo pophatikiza ankaiwelenga ngati palibe kanthu. Tsiku lina ndinalemba 45-50 monga amalembela amwenye ena a m'sitolo, kutanthauza makwacha 45 ndi mangwee 50, makina n'kuchotsela okha, n'kundipatsa -5. Wa tayi anaseka mpaka kugwila m'mimba, nakaitana dalaivala kuti adzaone.

Tsono malisiti athu sanali amaliseche ayi. Aliyense ankaveka ndalama chovala cha kwawo. Masitolo a pa boma ankalemba K1,250.50, kamchila, kamene ku sukulu tinkati mpatulilo, kakulekanitsa masauzande, kadontho kakulekanitsa mangwee. A pa msika ankalemba K45=50, ena 75n basi. Amadamu ankalemba za kwawo: K 2 500,- kusiya mpata pa masauzande, kamchila ndi kamzele kutanthauza kuti mangwee palibe, ndipo akatopa ankangoti 12,5 pamene akufuna kunena makwacha 12 ndi mangwee 50. Ndiye panali makalaliki a kumalo ogawila chakudya a ku Kaumbwe, kumalile, othawa nkhondo eni ake, anthu ophunzila bwino Chipwitikizi. Iwo ankatembenuza zonse: K84,50 pa ndalama yaing'ono, 1.250,00 pa yaikulu, kadontho pa masauzande, kamchila pa mangwee. Wamkulu wawo, mdala wina wa ku Tete amene anagwilapo m'sitolo yaikulu nthawi ya atsamunda, dzanja lake linakana kuiwala ndalama zakale za kwawo. Ankalemba 350$00, chizindikilo cha dola chili pakati, pamalo pa kadontho. Sanali madola, anali makwacha 350 olipila ngolo. Madola enieni, a zitsulo za galimoto zochokela kunja, ankabwela chizindikilo chili kutsogolo.

Ine ndinali ndi njila yanga. Ndisanakhudze makina ndinkayala malisiti pa tebulo n'kuwasankha monga mwa dzanja la wolemba, chifukwa ukadziwa dzanja wadziwa mwambo wake. Kenako ndinkatenga pepala lalikulu n'kulemba mizele inayi: ndalama monga mmene ilili pa lisiti, osasintha kanthu, wolemba wake, mtundu wa ndalama, ndiye pomalizila nambala yovulidwa. Ndinkayang'ana chizindikilo chomalizila, cha kudzanja lamanja. Ngati pambuyo pake pali manambala awili, amenewo ndi mangwee, kaya chizindikilocho ndi kamchila, kadontho, timizele tiwili kapena dola la mdala uja, ndipo ndinkaikapo kadontho n'kufafaniza zina zonse za kutsogolo. Ngati pali atatu, ndi masauzande. 75n inkakhala 0.75. Ndalama ya m'mabulaketi inali yobwezedwa, yofunika kuchotsela, osati kuphatikiza. Pamene ndakayika ndinkasiya mpata mpaka nditafunsa mwini dzanja. Lisiti lililonse likatha ndinkalibaya pa waya, mwezi ndi waya wake. Inali ntchito yochedwa, sindikana.

Wa tayi analibe nthawi ya zimenezo. Ankaika mulu wa malisiti kumanzele, zala pa makina, maso pa manambala okha, osawelenga n'komwe kuti chagulidwa n'chiyani. Lamulo lake ankaliimba ngati nyimbo ya chipani: "Taya K, taya kamchila, sunga kadontho." Zala zake zinkalila ngati matalala pa malata.

Chaka chili pafupi kutha, amadamu anatiitana tonse awili. Anati ndalama zochokela kwawo zachepa, ndipo ku likulu ku Lusaka alamula kuti chaka chamawa patsale kalaliki wa ndalama mmodzi. Anati asanasankhe akufuna kuti malisiti onse a chaka alowe mu kompyuta, lipoti lipite. Ine anandipatsa miyezi yoyambilila, iye yomalizila. Sananene kuti ndi mpikisano, koma ngakhale mbuzi ikanamva. Wa tayi ankakhala m'chipinda cha lendi kuseli kwa msika ndi mkazi wake ndi ana, ndipo ndinali nditamuonapo akuyeza khomo la nyumba yanga ndi maso.

Makina tinagawana: iye m'mawa, ine masana. Anasankha yekha, podziwa kuti magetsi a pa boma ankakonda kuthima masana.

Ndinamuchenjeza kamodzi, ndipo ndikufuna zimenezi zidziwike. Ndikudutsa kumbuyo kwake ndinaona lisiti la misomali la K84,50 m'dzanja lake, pa galasi la makina pali 8450.

"Bambo," ndinatelo, "misomali imeneyo ndi ya golide? Kamchila ako ndi ka mangwee. Analemba ndi a ku Kaumbwe."

Anayang'ana, nakonza, makutu atamuyaka. Kenako anatembenuka n'kukweza mawu kuti dalaivala ndi mlonda amve. "Mbuya, mbewa zimakuphunzitsani kusuzumila m'mauna a eni ake? Ndikudziwa. Ndine mwana ine?"

"Kuthamanga si kufika," ndinamuyankha.

"Kukwawa ndiye kufika? Tionana pa khomo la nyumba ija."

Anatelo ndithu, akuseka, anthu n'kuseka naye. Kuyambila pamenepo ndinatseka pakamwa panga. Iye anayamba kukonza timichila tina akatikumbukila, tina n'kumatidumpha zala zikathamanga, ndipo zimenezi zinadzaipitsa zinthu kuposa akanalakwitsa zonse mofanana.

Anamaliza ine ndisanafike ndi pakati pomwe. Anakhala masiku otsalawo akuwelenga nyuzipepala, miyendo pa tebulo, n'kumandifunsa ngati ndikufuna andibweleke zala. Ine ndinali ndi mipata yodikila mayankho, ndipo dalaivala wopita ku Kaumbwe ndinkamutuma ndi timafunso ta kwa mdala uja. Amadamu anayamba kuima pakhomo n'kumayang'ana mapepala anga aakulu aja.

"Bwanji mukulemba kawili?" anandifunsa. "Poyamba pa pepala, kenako m'makina? Mnzanu amalemba kamodzi."

Ndinafotokoza. Anagwedeza mutu mwaulemu, koma ndinaona kuti akumva ngati nkhalamba ikuteteza khasu lake pamaso pa thalakitala. Chodabwitsa, kamchila kovutako kanali ka kwawo komwe! Koma iwo sankakaona, monga munthu samva fungo la m'nyumba mwake.

Nditamaliza, lipoti linapita ndi basi. Chiwelengelo chonse chinali chachikulu, koma masiku amenewo ndani ankadabwa ndi nambala yaikulu? Kwacha inkagwa ngati mango akupsa, mtengo wa sopo wa m'mawa sunali wa madzulo. Amadamu anasaina. Sabata yomweyo anandiitana ndekha, nandipatsa notisi ya mwezi umodzi, maso ali pansi. Ndinatuluka osalila. Ndinakalilila kuseli kwa thanki ya madzi, ndi mkwiyo, osati chisoni. Madzulo ake mkazi wa wa tayi anadutsa pakhomo panga ndi beseni lake la vitumbuwa pamutu, naima, nandifunsa mokoma ngati mpopiwo umatulutsa madzi tsiku lililonse.

Sipanapite nthawi, uthenga unabwela pa wailesi ya ofesi kuchokela ku Lusaka. Amadamu anatuluka m'chipinda chawo nkhope itafiila ngati tayi ija. A ku likulu ankafunsa funso limodzi: zatheka bwanji kuti ofesi ya ku Petauke iwononge ndalama zambili kuposa zimene inatumizilidwa? Miyezi yanga inkagwilizana ndi za ku banki. Miyezi yake inali itatupa ngati chule. Ankafunsanso kuti ngolo za ng'ombe za ku Kaumbwe zinayamba liti kulipidwa madola, chifukwa wa tayi anali atatenga 350$00 ndi anzake onse n'kuwaika mu mzele wa madola. Nthawi imeneyo dola silinali loseweletsa, munthu wamba kupezeka nalo inali nkhani ya apolisi. A ku likuluwo anati akutumiza wofufuza mabuku, ndipo ngati sapeza lisiti pa nambala iliyonse, atseka ofesi.

Ndisaname, mtima wanga unavina. Ndinati fisi wagwa m'mbuna, nyumba yanga yabwela.

Wa tayi anayamba ndi kukankhila ena. Anati othawa nkhondo aja ndi akuba, salemba bwino dala. Kenako anati n'zosavuta, angogawa manambala a ku Kaumbwe ndi handiledi, zithe. Ndinamusiya alankhule mpaka malovu auma, ndiye ndinafunsa amadamu kuti atsegule makina. Ndinaloza 8450 wina. Kodi ameneyu ndi K84,50 wa misomali, kapena K8,450 weniweni wa simenti? Ndinaloza 1.25. Kodi ndi kwacha imodzi ndi mangwee 25 a machesi, kapena ndi 1.250,00 amene anatayidwa kamchila n'kufota? Nanga 125, ndi 125 kapena ndi 12,5 wa amadamu? Nanga amene anawakonza kale tsiku limene anakumbukila, tikawagawanso atsala chiyani? Nambala ikavulidwa siinenanso kumene inachokela, ndipo iye sanasunge paliponse mmene inalembedwela poyamba.

"Chabwino," anatelo amadamu, "tibwelele ku malisiti. Ali kuti malisiti anu?"

Anga anali pa mawaya, mwezi ndi mwezi, atapachikidwa pa khoma. Wa tayi anayang'ana pawindo, nakonza tayi, nayang'ananso pawindo.

"Bambo, akufunsa inu," ndinatelo.

Anayankha motsitsa mawu, ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'kamwa. Anati popeza zonse zinali zitalowa mu kompyuta, anaona kuti mapepalawo atha ntchito. Anawapeleka kwa mkazi wake.

Amene sanakhaleko zaka zimenezo sangamvetse. Pepala linali losowa ngati mafuta ophikila. Ana ankalemba mayeso kuseli kwa mapepala akale, amuna ankapichila fodya m'chilichonse, ndipo mayi wogulitsa vitumbuwa pa siteshoni ya basi akapeza thumba la mapepala oyela ankaona ngati wapeza chuma. Malisiti a theka la chaka a ofesi yathu anali akukulunga vitumbuwa, ena atafika kale ku Chipata ndi ku Lusaka m'matumba a apaulendo.

Amadamu anakhala pansi. Ine ndinaseka, ndipo sikunali kuseka kwa chimbuya.

Tsiku lomwelo anandiitana m'chipinda chawo. Anati akudziwa kuti andipatsa notisi, koma ofesi ikatsekedwa anthu a kumalile asowa chakudya, ndipo palibe wina amene angawelenge manja onse aja. Anati, "Mukatithandiza, ndidzalankhula ndi a ku Lusaka za inu." Sanalonjeze kanthu, ndikuvomela. Koma munthu amene ali ndi ana awili ndi notisi m'chikwama amamva lonjezo ngakhale pamene palibe.

Tinayamba ndi kunyumba kwa wa tayi. Mkazi wake anatulutsa thumba limene linatsala, akung'ung'udza kuti tikumuphela malonda. Kenako tinayenda pa siteshoni ndi mumsika, ine ndi mdani wanga, tikutola timapepala tonona m'ngalande ndi pansi pa mabenchi. Anyamata a chipani oyang'anila pa msika anatiimitsa kufunsa chimene tikufuna, ndipo atamva anaseka mpaka kukhala pansi. Wa tayi anali atavula tayi tsiku limenelo. Mafuta anali atasungunula inki pa malisiti ambili, kamchila ndi kadontho osasiyananso, kungokhala kabanga. Pamenepo ndinkawelenga manambala a kumbuyo kwa kabangako, awili kapena atatu, n'kuyang'ana dzanja. A pensulo okha ndiwo anapilila mafuta.

Otsalawo tinakawafuna kumene anachokela. Amwenye a m'masitolo anatitsegulila mabuku awo a kaboni osunga makope a malisiti, mokwiya. Ndiye tinakwela galimoto ya ofesi kupita ku Kaumbwe, tonse kutsogolo ndi dalaivala, mapewa akugundana pa mabampu. Mdala wa ku Tete anatilandila pansi pa mtengo pafupi ndi nkhokwe ya chimanga, mabuku ake a kaboni atamangidwa ndi luzi, osasowa ndi tsamba limodzi. Mbili inali itamufika kale kuti wina ku boma akumutcha wakuba madola. Anandipatsa mpando ine, wa tayi anamusiya chiimile.

"Amai," anatelo, "ameneyu ndiye akuti ndili ndi madola? Muuzeni ayang'ane nsapato zanga."

Wa tayi anayamba kunena kuti m'dziko muno timalemba mwakutimwakuti, ndipo mlendo ayenela kutsata. Mdalayo sanamuyang'ane. Anangonditsegulila buku loyamba, nayamba kundiwelengela tsamba ndi tsamba.

Titabwelela ndinakhala ndi mapepala anga aakulu, mizele inayi ija, ndikukonza miyezi yake lisiti ndi lisiti. Iye ankalowetsa m'makina zimene ndamupatsa, chifukwa zala zake zinali zofulumila, zimenezo sindingamulande. Ndinamuuza kuti atsegule mzele wina m'makinamo wosunga ndalama monga inalembedwela, ngati mawu, pambali pa nambala yovulidwa, ndi wina wa mtundu wa ndalama. Anati ndi kutaya nthawi, koma anachita. Ngakhale pamenepo sanaleke. Ndikamupatsa pepala ankalinunkhiza n'kunena kuti likununkha mbewa. Ine ndinkamuuza kuti lake likununkha vitumbuwa vya akazi ake, n'chifukwa boma lonse lawelenga mabuku athu. Ana anga ankadya mochedwa masiku amenewo, ndipo wamkulu ndiye ankaphika.

Wofufuza mabuku anabwela, mwamuna wachete wa magalasi. Anafananiza, anafunsa, ananyamula timalisiti tonona ndi nsonga za zala. Panatsala manambala ochepa opanda pepala, amadamu anawalembela kalata yofotokoza, iye anavomela. Chiwelengelo chinagwilizana ndi banki. Asanapite anaima pa kompyuta, nayang'ana mizele ija, ya mmene zinalembedwela ndi ya nambala yovulidwa, nati zimenezi n'zabwino, maofesi ena atengele pamenepa. Anafunsa kuti anakonza ndani.

"Tinaona kuti ndi bwino kutelo, bwana," anatelo wa tayi, tayi itabwelela pakhosi.

Tinaona! Ine ndinali pomwepo, ndi inki m'zala. Ndinatsegula pakamwa, koma wofufuzayo anali atatembenukila kale kwa amadamu, akufunsa za basi ya mawa.

Yankho la ku Lusaka silinachedwe. Amadamu anandiwelengela okha, ndipo ndikhulupilila kuti analankhuladi za ine. A ku likulu anati ofesi ipitilile. Anati kalaliki wotsala akhale amene ali ndi pepala la kompyuta, chifukwa mabuku onse tsopano akhala a m'makina, ndipo cholakwa chija chakonzedwa, njila yabwino ilipo kale. Wa tayi anapatsidwa kalata yomuchenjeza. Ine ndinapatsidwa kalata yondiyamikila, ndi malipilo a sabata ziwili zoonjezela.

"Pepani kwambili," anatelo amadamu. "Mwatipulumutsa."

"Ndadzikumbila ndekha dzenje, amadamu," ndinawayankha. "Ndikanakhala chete mukanatseka, tonse tikanapita. Tsopano ndikupita ndekha."

Ndikulongedza za mu tebulo langa, ndinatenga mapepala anga aakulu aja kuti ndipite nawo. Wa tayi anaika dzanja pamwamba pake. Anati ndi katundu wa ofesi, ndipo adzawafuna pophunzila manja a anthu a ku Kaumbwe. Ndinaganiza zowang'amba pamaso pake, koma ndinakumbukila mdala uja ndi nsapato zake, kuti munthu uyu akalakwitsanso adzatchedwa wakuba ndi iyeyo. Ndinawasiya.

"Muwasunge," ndinatelo. "Muli dzanja la aliyense mmenemo."

"Mbuya, musadandaule," anatelo. "Kumudzi mbewa n'zambili."

Mlonda anaseka. Ine sindinaseke, ndipo kanali koyamba kuti anthu a mu ofesi ija aone kuti sitinali kusewela.

Katundu wamkulu ndinatumiza pa lole ya thonje kwa achimwene anga ku Ndake. Makiyi a nyumba ndinapeleka kwa amadamu, osati kwa iye, ngakhale ndinadziwa kuti afika m'thumba mwake dzuwa lisanalowe. Ana ndinawachotsa sukulu pakati pa temu. Tinakhala masiku angapo kwa mnzanga wa ku tchalitchi kudikila malipilo anga omaliza, ndipo tsiku lililonse ndinkaona makatani achilendo pa windo langa.

M'mawa wonyamuka tinakwela basi ya ku Lusaka yotsikila pa Nyimba. Tinapeza malo kumbuyo, wamng'ono pa miyendo panga. Basi isananyamuke ogulitsa anazungulila mawindo monga mwa masiku onse, ndipo mwana anayamba kulilila vitumbuwa. Ndinatulutsa ndalama osayang'ana, dzanja linakwela kuchokela pansi ndi kaphukusi kotentha. Nditasuzumila ndinaona kuti ndi mkazi wa wa tayi.

"Ndi inu, mbuya!" anatelo mokondwa. "Muyende bwino. Mpopi uja ndi wabwino zedi."

Basi inayamba kuyenda. Mwana anafutukula kaphukusi, ndipo ndinaona mizele inayi, yolembedwa ndi lula, ndi dzanja limene sindikanalisokoneza ndi la wina aliyense. Linali langa. Pamwamba panali 350$00, pambali pake mdala wa ku Tete, makwacha, 350.00, ndipo mafuta anali atayamba kale kudya inki. Wamkulu anandiyang'ana, nayang'ana pepalalo, nafunsa ngati alisunge.

"Idyani," ndinatelo. "Mukatha mupukutile m'manja."